Maliro pa Chikwangwani

Udindo woyang'anira magulu a pa foni a bungwe lathu la alimi a nandolo sindinaupemphe. Anandipatsa chifukwa ndili ndi kashopu ka fotokope pa Liwonde, ndipo foni yanga sikhala yozima kawirikawiri. Munda wanga uli kwathu ku Ulongwe, ndimapitako Loweruka. Pa msonkhano wina a tcheyamani, bambo wamtali wa ku Utale amene anapuma pa ntchito ya ulangizi, anangondiloza n'kunena kuti, "Mayi awa amakhala pa magetsi tsiku lonse. Akhale adimini." Anthu anawomba m'manja, nkhani n'kuthera pomwepo.

Bungwe lathu ndi lalikulu. Makalabu ake ayambira ku Phalula, kudutsa Balaka, kuwoloka Shire mpaka ku Nsanama ndi ku Ntaja. Si onse ali ndi foni zazikulu, koma amene ali nazo tinawaika m'gulu limodzi, ndipo gululo linatupa mpaka linatsala pang'ono kudzaza. Munkapezeka chilichonse: moni wa m'mawa, mavesi, mafuno abwino a tsiku Lachisanu, mpira, zithunzi za mbozi, wina akutsatsa njinga. Tsiku lina alembi analembamo kuti malo olandirira mbewu asintha. Uthengawo unamira. Makalabu atatu anakhala padzuwa pa Liwonde mpaka masana, mbewu ikugawidwa ku Nsanama.

Komiti itakumana inagwirizana kuti pakhale magulu awiri. Lakale lija likhale lochezera, aliyense alankhule zimene akufuna. Latsopano likhale la zolengeza zokha. Ndinalitsegula ine, n'kulitchera kuti olembamo akhale ma adimini okha: ine, alembi ndi a tcheyamani. Linki yolowera ndinaiponya m'gulu lakale, ndipo anthu analowa. Malamulo anali awiri. Loyamba, m'gulu latsopanoli mulowe nkhani za bungwe zokha: mbewu, misonkhano, maphunziro, tsiku la ogula. Lachiwiri, uthenga uliwonse uyambe wavomerezedwa ndi a tcheyamani. Wina anafunsa za maliro, ndipo a tcheyamani anayankha kuti, "Bungwe lokula chonchi, maliro ndi a tsiku ndi tsiku. Tikangoyamba, uthenga wa mbewu umiranso." Tonse tinaona kuti akunena zoona.

Sabata yoyamba foni yanga sinapume. Bambo wina wa ku Phalula anaimba kuti foni yawo yawonongeka, malo olembera asowa. Mayi wina anandilembera kumbali kuti, "Ndakulakwirani chiyani kuti munditseke pakamwa?" Ndinafotokoza mpaka lilime linalema. Posakhalitsa anthu anawapatsa okha mayina maguluwo. Latsopano analitcha Chikwangwani, lakale n'kulitcha Pamsika.

Apa m'pamene chidwi changa chinayambira. Ukatumiza uthenga m'gulu n'kuudina kwa kanthawi, foni imatha kukuonetsa amene awerenga ndi amene wangowafikira. Ndikakhala ndilibe kasitomala ndinkakhala ndikuyang'ana mndandandawo, monga mmene munthu amayang'anira nyerere zikunyamula chakudya. Ndinaona kuti a ku Balaka ambiri amawerenga m'mawa, a kumidzi ya ku Ntaja amawerenga onse pamodzi tsiku la msika, akafika pamene pali netiweki ndi potchajira. Ndinaonanso chinthu chondiseketsa. Ndikalemba pa Chikwangwani kunkangobwera tizithunzi ta chala chachikulu tingapo, basi. Pakapita kanthawi wina ankaunyamula uthenga womwewo n'kukauponya Pamsika, ndiye kumeneko mafunso ankayamba. "Zoona zimenezi?" "Wanena ndani?" Zinkakhala ngati nkhani siikhala yoona mpaka itatsutsidwa kaye. Zinandiphunzitsa kuti ndikalemba pa Chikwangwani ndizikhala tcheru Pamsika, chifukwa kumeneko n'kumene ndinkadziwira mawu amene sanamveke. Ndinayambanso kujambula uthenga uliwonse ndi mawu, chifukwa mayi wina anati maso ake satha kuwerenga timalemba ta pa foni.

Koma panali nambala imodzi imene inkandizunguza mutu. Inalibe chithunzi, inalibe dzina lomveka, inangokhala ndi kadontho. Nthawi iliyonse ndikatumiza uthenga pa Chikwangwani masana, nambala imeneyi inkakhala m'gulu la oyamba kuwerenga, ndipo voisi, uthenga wa mawu uja, inkaimvera nthawi yomweyo. Sinaikepo kachala ngakhale kamodzi. Pamsika inalimo, koma sinalembepo kanthu. Ndinafunsa alembi, iwo anayang'ana m'kaundula n'kuti, "Ndi a kalabu ina ya kuseri kwa Ntaja. Bambo wachikulire, telala. Anali nawo pamene bungweli linkayamba." Kangapo konse ndinafuna kuwaimbira, kungowafunsa kuti, inu bambo, simutanganidwa? Koma ndinkachita manyazi. Munthu ungamuuze bwanji kuti ndimakuzondani mukamawerenga?

Zinakhala choncho kwa chaka ndi miyezi. Kenako inafika nthawi yogulitsa, dzuwa la Seputembala litayamba kuwotcha. Lolemba ndinatumiza uthenga woti makalabu apete nandolo wawo bwino, ogula akubwera. Nambala ija sinawerenge. Lachiwiri ndinayang'ananso, uthenga unali utafika koma osatsegulidwa. Ndinati mwina bandulo ndiye ilipo koma mwini wake wapita kumunda.

Lachitatu cha m'ma 8 koloko m'mawa, ndikujambula mapepala a mwana wa sukulu, foni inalira. Inali nambala yomweyo. Ndinasiya mapepalawo n'kuyankha.

"Ndikulankhula ndi amayi a Chikwangwani?" Anali mawu a mayi, Chichewa chake chotsamira ku Chiyao.

"Eya, ndine."

"Ine ndine mpongozi wa eni foniyi. Apongozi atisiya m'bandakucha. Tiika lero ikatha swala ya masana ku mzikiti. Anzawo a bungwe ali kutali, ku Balaka uko, ena ku Ulongwe. Chonde tiikireni pa Chikwangwani. Iwo ankati zapamenepo ndiye anthu amazikhulupirira."

Ndinapepesa, ndinafunsa mudzi ndi njira yake, n'kulemba pa chikuto cha risiti. Kenako ndinanena mawu amene mpaka lero amandichititsa manyazi: "Ndifunse kaye a tcheyamani."

"Chabwino," anatero. "Koma dzuwa likukwera."

Ine ndine Mkatolika. Kwathu maliro amagona, nthawi zina masiku awiri, kudikira wachibale wa ku Lilongwe. Koma ndakhala pa Liwonde nthawi yokwanira kudziwa kuti kwa anzathu Asilamu sizitero. Munthu akamwalira m'mawa, dzuwa lisanalowe amakhala ataikidwa. Wochokera ku Balaka anayenera kunyamuka pasanathe maola awiri.

Ndinaimbira a tcheyamani. Foni yawo sinkapezeka. Ku Utale kuli malo ena kumene netiweki imachita kufunidwa pa chulu. Ndinaimbira alembi, amene anali pa mzere kuchipatala ndi mwana.

"Lamulo mukulidziwa," anatero alembi. "Ikani Pamsika. Maliro onse timaika kumeneko."

"Pamsika lero mwaonako?"

"Iyayi. Kuli chiyani?"

Kunali moto. Usiku wathawo wina anali atalemba kuti iye watopa kudikira ogula a bungwe, wagulitsa nandolo wake kwa mavenda. Pofika m'mawa gulu lonse linali litagawanika. Ena ankamutcha wogulitsa anzake, ena ankati mwana akadwala sadikira komiti. Mavoisi aataliatali ankagwa ngati matalala. Ndinaponya uthenga wa maliro pakati pa zimenezo, n'kuukhomera pamwamba pa gulu kuti usasowe. Ndinadikira. Anthu awiri analemba kuti "Pepani." Wachitatu analemba mawu a Chiarabu amene Asilamu amanena akamva za imfa. Wachinayi anayankha za sikelo ya mavenda, ndipo mkangano unapitirira. Nditadina kuti ndione amene awerenga, ndinapeza kuti ambiri mwa achikulire, anthu amene ankawadziwa malemuwo, sanautsegule n'komwe. Ndinkadziwa chifukwa chake. Ambiri a iwo anali atalitseka kale phokoso gulu la Pamsika, ena anatulukamo kalekale chifukwa linkawathera bandulo. Chimene chinkalira m'matumba mwawo chinali Chikwangwani chokha.

Ndinayesanso a tcheyamani kawiri. Nthawi inali itadutsa 9 koloko. Ndinakhala pa mpando, foni ili m'manja, ndikudzifunsa kuti lamulo lija tinaliikira chiyani. Tinaliika kuti uthenga wofunika usamire. Nanga uwu unali wotani? Komabe ndinkadziwa kuti ndikatsegula chitseko chimenechi, mawa wina adzabwera ndi maliro a azakhali ake, ndipo ndidzasowa pomukanira.

Ndinalemba mizere inayi: amene wamwalira, kalabu yake, mudzi ndi potsikira, nthawi yoika. Pansi pake ndinawonjezera kuti, "Ndalemba ndekha, a tcheyamani sindinawapeze." Ndinajambulanso ndi mawu. Ndinatumiza, ndinatseka shopu, n'kupita ku siteji.

Minibasi inachedwa kudzaza, monga mwa masiku onse. Tili pa Nsanama ndinayang'ana foni. Mndandanda wa owerenga unali utatalika kuposa tsiku lina lililonse, ndipo pansi pa uthengawo panali timanja topemphera tambirimbiri. Kumbali kunali mauthenga a anthu ofunsa njira. Panalinso umodzi wochokera kwa bambo wina wa ku Phalula: "Mayi anga atamwalira mwezi wa Meyi munandiuza kuti Chikwangwani si cha maliro. Lero chasintha liti?" Ndinauwerenga kawiri. Ndinabweza foni m'chikwama.

Pa Ntaja ndinakwera kabaza. Nditatchula mudzi, wakabazayo anati, "Kwa atelala? Ndapititsako kale anthu atatu." Tinafika azibambo akukonzeka kunyamula jeneza, chithatha cha maliro, kupita ku mzikiti. Ndinazindikira nkhope zingapo za ku Balaka ndi ku Ulongwe, madoda a bungwe amene anafika pa njinga zamoto, fumbi lili m'mapazi, ena Akhristu, ataima chapambali mwaulemu. Azimayi sitinapite kumanda. Ndinakhala nawo pa mkeka kuseri kwa nyumba, nditafunda chitenje kumutu monga anachitira anzanga.

Mpongozi uja anandipeza yekha. Anali mayi wa msinkhu wanga, wamfupi, maso ofiira. Anagwada pafupi nane n'kundigwira dzanja.

"Ndinu amayi a Chikwangwani. Mawu anu ndawadziwa pamene mumapereka moni."

"Mawu anga mumawadziwa?"

"Mudzi wonse uno umawadziwa."

Azimayi amene anali pafupi anaseka pang'ono, kuseka kwa pamaliro kosatulutsa mano. Ndiye anandifotokozera, uyu akayamba uyu n'kumalizitsa. M'kalabu yawo yonse foni yaikulu inali imodzi, ya atelala, imene mwana wawo anawatumizira kuchokera ku Joni. Ankaiika pa makina osokera pakhonde, ili pa kasola kakang'ono, ndipo pakhondepo netiweki imagwira. Ikangolira kulira kwa Chikwangwani, chifukwa anali atachiikira kaliridwe kakekake, ankaimitsa phazi pa makina n'kumvera. Akatero ankatenga choko chosokera n'kulemba pa chitseko cha shopu tsiku ndi malo. Madzulo anthu akamachokera ku mzikiti kapena ku mjigo ankaima pakhondepo, iwo n'kuwaseweretsa voisi yanga, kenako n'kuimasulira m'Chiyao.

"Ankakukonzaninso," anatero mayi wina wachikulire. "Amati, mayi awa amathamanga polankhula ngati akuthawa mvula."

"Nanga Pamsika bwanji sankalembapo?" ndinafunsa. Limeneli ndi funso limene ndinali nalo chaka chonse.

Mpongozi uja anapukusa mutu. "Kulemba pa foni sankatha. Zala zinazolowera singano. Koma ankamvera zonse. Mafunso a anthu a kuno ankandituma ine kuti ndikafunse kwa alangizi, kapena ankangodikira. Amati, dikirani, wina Pamsika afunsa zomwezo. Ndipo wina ankafunsadi."

Anandiperekeza kukaona chitsekocho. Panali malemba a choko chabuluu, ena ofufutika, ena pamwamba pa anzawo. Omaliza anali a msonkhano wa mwezi wathawo. Za kupeta nandolo panalibe. Ndinaima pamenepo kwa kanthawi. Nthawi yonseyi ndinkawerenga nambala ija ngati munthu mmodzi, pamene kumbuyo kwake kunali mudzi. Ndinayamba kudzifunsa kuti mwa manambala enawo, angati ali ndi khonde lotere.

A tcheyamani anandiimbira ndili m'minibasi yobwerera. Anali atakwera pa chulu chawo.

"Mayi, ndaona zimene mwachita."

"Pepani bambo. Ndinakuyesani katatu."

Kenako anati, "Munthu ameneyo ndinayenda naye pa njinga midzi yonse ya kumeneko tikulemba makalabu oyamba. Ndikanamva m'mawa ndikanabwera." Anatsokomola. "Komabe mwaphwanya lamulo. Foni yanga yadzaza madandaulo. Tikakambirana ku komiti."

Komiti inakumana Loweruka lotsatira m'kalasi ina pa Liwonde. Bambo wa ku Phalula uja anabwera ngakhale sanali wa komiti, ndipo anamulola kulankhula. Sanakalipe. Anangoti, "Ine sindikudana ndi malemuwo. Ndikufuna ndidziwe ngati pali maliro aakulu ndi aang'ono." Ndinaimirira n'kumupepesa pamaso pa onse, chifukwa funso lake linali loona. Ndinafotokozanso zimene ndinaona pa chitseko chija.

Tinakangana mpaka dzuwa linapendeka. Ena ankati titsegule gulu lachitatu la maliro okha. Alembi anakana: "Anthu akulephera bandulo ya magulu awiri, ndiye atatu? Komanso ndani angalowe gulu loti likalira udziwiretu kuti kwagwa zovuta?" Ena ankati maliro onse alowe. A tcheyamani anawerenga pa zala maliro amene analengezedwa Pamsika mwezi umodzi wokha, zala n'kutha. Pomaliza tinagwirizana kuti pa Chikwangwani pazilowa maliro a membala yekha, amene dzina lake lili m'kaundula. Uthenga wake ukhale waufupi, wopanda chithunzi, utsimikizidwe ndi wapampando wa kalabu yake, ndipo usadikire a tcheyamani. Mapepeso onse azipita Pamsika, pamodzi ndi maliro a achibale. Bambo wa ku Phalula anati lamulolo silikanawathandiza mayi ake, amene sanali membala, koma bola tsopano likudziwika. Sanachoke wokondwa, ndipo sindinganene kuti tinamukhutiritsa. Mpaka lero pamabuka mkangano mwamuna wa membala akamwalira, poti munda ankalima awiri koma m'kaundula muli dzina limodzi.

Pa ine anagamula kuti ndisalembe pa Chikwangwani kwa mwezi umodzi, azilemba alembi. Ndinavomera. Mwezi umenewo ndinaugwiritsa ntchito kuimbira apampando a makalabu mmodzimmodzi, kuwafunsa funso limene sindinaganizepo kufunsa chiyambire: uthenga ukafika pa foni, umayenda bwanji kuti ufike kwa amene alibe foni? Mayankho ake anandidabwitsa. Kwina amaulengeza ku tchalitchi akatha mapemphero. Kwina mayi wogulitsa mandasi pa chigayo ndiye amauza aliyense wobwera kudzagayitsa. Kwina anandiuza mosabisa kuti sufika, amangomva mphekesera za Pamsika zitapotoka kale. Makalabu asanu ndi imodzi anandiuza kuti Chichewa changa amachimva, koma achikulire amafuna Chiyao.

Nkhani imeneyi ndinapita nayo ku komiti, ndipo anavomera kuti tiwonjezere adimini mmodzi wojambula mauthenga m'Chiyao. Sindinavutike kuganiza munthu. Foni ya atelala inali itatsala m'manja mwa mpongozi wawo, ndipo kalabu yawo inali itamusankha kale kukhala mlembi. Nditamuimbira anakana kawiri.

"Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6."

"Sitikufuna satifiketi. Tikufuna pakamwa."

"Ndikalakwitsa, anthu onsewo amva."

"Mukalakwitsa mufufuta msanga, mujambulanso. Ine ndimatero kawirikawiri."

Anabwera ku shopu kwanga Lachinayi lina atavala hijabu yobiriwira, atanyamula mpunga m'kathumba woti andipatse. Ndinamuonetsa podina, ndi mmene angamvere voisi yake asanaitumize. Uthenga wa tsikulo unali wa ogula, amene tsopano anali atatchula tsiku lenileni. Anajambula koyamba, mawu ananjenjemera. Kachiwiri njinga yamoto inadutsa n'kuwononga zonse. Kachitatu tinatseka chitseko, iye anakhala pa katoni ya mapepala, anatseka maso n'kulankhula pang'onopang'ono ngati akuuza mnzake pa mjigo. Ine Chiyao ndimangotolako mawu apa ndi apo, koma ndinamva kuti palibe chimene wasiya.

Atatumiza anaiika foni pa tebulo n'kuibisa ndi dzanja.

"Tsopano chichitike n'chiyani?"

"Tsopano tipite Pamsika," ndinatero, "tikamve ngati amva."

Tinadikira mphindi zochepa. Wina anainyamula voisiyo n'kuiponya kumeneko. Woyamba kuyankha anali bambo wa ku Nsanama, amene anajambula m'Chiyao mawu aatali, akuseka. Ndinamufunsa mnzangayo kuti akuti chiyani.

"Akuti zamveka bwino," anatero, akudziphimba kukamwa ndi nsonga ya hijabu. "Koma akufunsa kuti ogulawo abwera ndi sikelo yawo kapena tigwiritsa ntchito yathu."

Zimenezo pa uthenga wathu panalibe, ndipo tonse awiri sitinkadziwa. Ndinatenga foni yanga n'kuyamba kusaka a tcheyamani.